Kalata Yoperekeza Bajeti kwa Opereka Thandizo

Kabukuka ndi ka mabanja amene apangana kupempha ndalama za chitukuko cha pamudzi: makolo oyendetsa sukulu ya mkombaphala, kalabu ya alimi, komiti ya mjigo, kapena gulu la banki m'khonde limene lafuna kuyamba ntchito yokulirapo. Pulopozo mwalemba, bajeti mwawerengera, ndipo mafotokozedwe a bajeti, masamba aja onena kumene nambala iliyonse yachokera, nawo atha. Chatsala ndi kalata ya tsamba limodzi yokhala pamwamba pa mapepala onsewa.

Magulu ambiri amailemba mothamanga tsiku lokapereka, mlembi atakhala pa benchi pa malo osindikizira mapepala. Ena amadzaza tsamba lonse ndi mavuto a m'mudzi ndi mawu othokoza, osatchula ndalama zimene akupempha. Koma amene amatsegula envulopu ku ofesi ya opereka thandizo nthawi zambiri si bwana wovomereza ndalama uja. Ndi wantchito amene walandira mulu wa mapempho, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kulemba m'kaundula kuti pempho lachokera kwa yani, ndi la ndalama zingati, ndipo mapepala ofunika alipo onse kapena ayi. Kalata yanu imuyankhe mafunso amenewa asanatembenuze tsamba.

Chitsanzo chimene titsate

Tiyerekeze kuti makolo a pa sukulu ya mkombaphala ya ana 80 akufuna kumanga khitchini ndi kachipinda kosungiramo ufa wa phala, nyumba ya mamita 7 m'litali ndi 4 m'lifupi. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongophunzirira, osati ya pamsika. Yanu muitenge pa makoteshoni a kwanuko.

Simenti, matumba 90 pa K30,000: K2,700,000
Malata 24 pa K35,000: K840,000
Matabwa ndi misomali: K560,000
Zitseko ziwiri ndi mawindo atatu: K500,000
Malipiro a mmisiri: K900,000
Kunyamula katundu, maulendo atatu pa K150,000: K450,000
Miphika ikuluikulu iwiri ndi mbaula: K250,000

Zonsezi pamodzi ndi K6,200,000. Gulu laikapo ndalama yapadera yoyembekezera kukwera kwa mitengo, 5 pa 100 iliyonse, imene ndi K310,000. Ndiye kuti ndalama yopempha ndi K6,510,000.

Makolo nawo alonjeza zawo: mchenga ngolo 60 pa K8,000, miyala yoswa ngolo 20 pa K20,000, ndi anthu khumi ogwira ntchito ya manja masiku 20 pa K3,500 munthu aliyense pa tsiku. Zimenezi ndi K480,000, K400,000 ndi K700,000, pamodzi K1,580,000. Ntchito yonse mtengo wake ndi K8,090,000.

Nambala zitatu zokha ndi zimene zimalowa m'kalata: mtengo wa ntchito yonse, gawo limene mukupempha, ndi gawo la gulu. Zina zonse zikhale mu bajeti, kupatula za mizere yochepa yofunika kuifotokoza imene tikambe m'munsimu. Mukayamba kutchula misomali ndi matabwa m'kalata mwalemba bajeti yachiwiri, ndipo mwatsegula mpata wina woti nambala zisemphane.

Nambala ikhale imodzi m'mapepala onse

Apa ndi pamene mapempho ambiri abwinobwino amagwera, ndiye tikhalapo pang'ono.

Pulopozo imalembedwa poyamba, mwina mwezi wathunthu bajeti isanathe. M'chitsanzo chathu, pamene mlembi ankalemba pulopozo, simenti inali pa K26,000 thumba, ndipo ndalama yopempha inali K6,132,000. Nambala imeneyi anailemba pa tsamba loyamba la pulopozo ndi m'ndime yomaliza. Msungichuma atapita kukatenga makoteshoni anapeza thumba lafika pa K30,000, ndipo anakonza bajeti. Pulopozo sanaikhudze. Ngati wolemba kalata atenga nambala mu pulopozo, envulopu ipita ndi mapepala awiri onena K6,132,000 ndi limodzi lonena K6,510,000.

Wolandira sangadziwe kuti yoona ndi iti. Wachifundo adzaimba foni kufunsa. Wotanganidwa adzaika pempho lanu pa mulu wa osamalizidwa. Choopsa kwambiri nchakuti angavomereze nambala yaing'onoyo, inu n'kusayina mgwirizano mosangalala, n'kudzazindikira khoma litafika pa mawindo kuti ndalama ya malata ena palibe.

Taonaninso kusiyana kwake. Simenti yakwera ndi K4,000 pa matumba 90, ndiye K360,000. Koma nambala ziwirizi zikusiyana ndi K378,000. K18,000 yowonjezerayo yachokera pa ndalama yapadera ija, chifukwa iyo imawerengedwa kuchokera pa zonse. Mzere umodzi ukasintha, mizere ina itatu imasintha nawo: ndalama yapadera, ndalama yopempha, ndi mtengo wa ntchito yonse. Amene amangofufuta mtengo wa simenti n'kuwonjezera K360,000 pansi amatumiza bajeti imene siikwana ikawerengedwa.

Njira yodzitetezera ndi yosavuta. Kalata ilembedwe pomaliza, bajeti itatsekedwa ndipo komiti itagwirizana kuti sisinthanso. Kenako anthu awiri akhale pansi ndi mapepala anayi onse. Wina awerenge mokweza nambala iliyonse ya ndalama imene ili m'kalata, winayo ailoze ndi chala mu bajeti, m'mafotokozedwe ndi mu pulopozo. Achite chimodzimodzi ndi chiwerengero cha ana, miyezi ya ntchito, ndi dzina la ntchitoyo. Ngati pulopozo ikuti ana 80 ndipo kalata ikuti "ana pafupifupi 100", sankhani chimodzi choona. Wowerenga mokweza asakhale amene analemba bajeti, chifukwa maso a mwini amaona zimene ankafuna kulemba, osati zimene zili pa pepala.

Kenako wina atenge foni awerengetse mizere yonse kuyambira pamwamba. Bajeti yolembedwa pa kompyuta nayo imanama: mzere wowonjezedwa mochedwa umatha kutsala kunja kwa chiwerengero cha pansi.

Nenani nokha chimene chidzawadabwitse

Bajeti iliyonse ili ndi mzere umodzi kapena iwiri imene munthu wosadziwa kwanuko adzaima nayo. Mu bajeti yathu mzere woyamba ndi simenti. Matumba 90 pa nyumba ya mamita 7 ndi 4 akuoneka ochuluka, ndipo munthu wozolowera nyumba za njerwa zootcha angaganize kuti matumba ena akonzedwera khonde la wapampando. Chifukwa chake nchakuti gulu liumba lokha njerwa za simenti. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo opereka thandizo ambiri safuna kuti ndalama yawo ithere pa uvuni. Mafotokozedwe a bajeti akunena kuti njerwa zikufunika 1,000, thumba limodzi likuumba 25, ndiye matumba 40 apita ku njerwa, ndipo 50 otsalawo ndi a maziko, kumangira, pansi ndi pulasitala.

Mzere wachiwiri ndi wa kunyamula katundu. Matumba 90 a makilogalamu 50 ndi matani anayi ndi theka, ndipo galimoto imene imafika pamudzipo imanyamula matani awiri. Maulendo atatu akuchokera pamenepo, malata ndi matabwa akukwera pa ulendo wachitatu.

Masamu onsewa malo ake ndi m'mafotokozedwe. M'kalata mungoikamo chiganizo chimodzi pa mzere uliwonse, n'kuloza nambala ya ndime imene yafotokoza zonse. Ine ndimaona kuti ndime imeneyi ndi imene imapatsa kalata phindu lenileni. Munthu amene mwamuuza nokha kuti "simenti yachuluka, chifukwa chake ndi ichi" amawerenga mizere yotsalayo ndi mtima wina. Akaitulukira yekha, amayamba kukayikira ngakhale mtengo wa misomali.

Musapitirire zinthu ziwiri kapena zitatu. Mukapepesa pa mzere uliwonse, kalata ioneka ngati ya anthu osakhulupirira bajeti yawo.

Tsiku la mitengo ndi mtundu wa ndalama

Mitengo ya pa koteshoni sikhalitsa. Wogulitsa amalemba pansi kuti mtengowo ugwira ntchito masiku angati, pamene opereka thandizo amatha miyezi asanayankhe. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse: dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Bajeti zimene zinali m'madesiki kudikira yankho zinasanduka zosakwanira, makamaka pa katundu wodalira zinthu zochokera kunja monga malata ndi mafuta a galimoto. Nchifukwa chake kalata itchule mwezi ndi chaka zimene mitengo inatengedwa. Mitengo ikadzakwera, mudzakhala ndi poyambira kukambirana.

Ngati opereka thandizo afuna bajeti mu madola, mapaundi kapena mayuro, lembani mu ndalama imeneyo, ndipo m'kalata munene mtengo wosinthira umene mwagwiritsa ntchito, tsiku lake, ndi banki imene mwautenga. Mtengo wa pamsika wamseri musaugwiritse ntchito, pakuti ndalama idzadzera ku banki ndipo idzasinthidwa pa mtengo wa banki. Nenaninso ngati mitengo yanu ili kale ndi msonkho wa pa katundu, chifukwa ogulitsa ena amalemba koteshoni yopanda msonkho n'kudzauwonjezera tsiku logula.

Za ndalama yapadera ija, werengani malangizo a opereka thandizo musanaiike. Ena amailola mpaka mlingo wina wake, ena sailola n'komwe. Ngati sailola, ichotseni. Musaibise pokweza mitengo ya mizere ina, chifukwa makoteshoni amene mwaika mu envulopu momwemo adzakutsutsani.

Kalatayo

Nayi kalata ya gulu lathu. Pamene pali madontho muikepo zanu.

Kuchokera kwa: Wapampando, Komiti ya Makolo ya Sukulu ya Mkombaphala ya ……, Mudzi wa ……, Mfumu Yaikulu ……, Boma la ……
Kupita kwa: Mkulu woona za mapempho a thandizo, …… (dzina la bungwe ndi keyala yake)
Tsiku: ……

Bambo kapena Mayi,

PEMPHO LA K6,510,000 YOMANGIRA KHITCHINI NDI CHIPINDA CHOSUNGIRAMO CHAKUDYA (nambala ya chilengezo: ……)

Potsatira chilengezo chanu cha pa ……, tikutumiza pulopozo yathu pamodzi ndi bajeti yomalizidwa ndi mafotokozedwe ake.

Tikupempha K6,510,000 yomangira khitchini ndi chipinda chosungiramo ufa wa phala pa sukulu yathu ya ana 80. Ntchito yonse ndi ya K8,090,000. Makolo apereka mchenga, miyala ndi ntchito ya manja za mtengo wa K1,580,000. Ntchitoyi itenga miyezi inayi kuchokera tsiku limene ndalama idzalowe mu akaunti ya komiti.

Mitengo yonse ndi ya mu kwacha, yatengedwa pa makoteshoni a mwezi wa …… chaka cha ……, ndipo msonkho uli momwemo. Simenti ndi matumba 90 chifukwa tiumba njerwa za simenti m'malo mwa zootcha (onani ndime 1 ya mafotokozedwe). Katundu anyamulidwa maulendo atatu chifukwa galimoto imene imafika kwathu ndi ya matani awiri (ndime 6). Taikamo K310,000 yoyembekezera kukwera kwa mitengo, imene sitidzaigwiritsa ntchito popanda chilolezo chanu cholembedwa (ndime 8).

Sitinapemphe kwina kulikonse ndalama ya ntchito yomweyi.

Mafunso a bajeti ayankha ndi msungichuma wathu, a ……, pa nambala ……

Ine wanu mokhulupirika,
…… (siginecha, dzina, udindo ndi chidindo cha komiti)

Zimene taphatikiza:
1. Pulopozo, masamba 6
2. Bajeti, tsamba limodzi
3. Mafotokozedwe a bajeti, masamba 2
4. Makoteshoni atatu a simenti ndi malata, ndi awiri a amisiri
5. Kope la chikalata cha kalembera wa komiti
6. Kalata ya amfumu yotsimikizira malo omangapo

Kalata yonse yathera pa tsamba limodzi. Mbiri ya mudzi mulibe, nkhani ya ana ophikiridwa phala pansi pa mtengo nthawi ya mvula mulibenso. Zimenezo ndi zoona ndipo nzofunika, koma malo ake ndi mu pulopozo.

Mizere ina m'kalatayi ifunika kuionetsetsa. Woyamba ndi mutu. Uli ndi ndalama ndi nambala ya chilengezo, chifukwa bungwe limodzi limatha kukhala ndi zilengezo zingapo nthawi imodzi, ndipo pempho lopanda nambala limasochera pa desiki yolakwika. Dzina la ntchito likhale lomwelo limene lili pa chikuto cha pulopozo, liwu ndi liwu.

Wina ndi wa nthawi. Gulu silinalembe kuti liyamba mwezi wakutiwakuti, koma kuti miyezi inayi kuchokera pamene ndalama idzafike. Tsiku loyankha silili m'manja mwanu. Ngati ntchito yanu imadalira nyengo, monga kuumba njerwa kapena kudutsa msewu wa dothi ndi galimoto yolemedwa, nenani poyera kuti ndalama ikafika pakati pa Disembala ndi Malichi ntchito idzadikira mvula ithe.

Mzere wonena za kwina kumene mwapempha ulembedwe moona. Ngati mwapemphanso ku khonsolo kapena ku mpingo, tchulani kumeneko, ndalama zake, ndiponso ngati yankho labwera. Kupempha malo awiri si mlandu. Mlandu ndi kulandira kawiri ndalama ya malata omwewo, ndipo mabungwe ogwira ntchito m'boma limodzi amakumana ku khonsolo n'kuuzana.

Pa mndandanda wa zophatikiza, kulemba chiwerengero cha masamba kumathandiza wolandira kuzindikira msanga ngati tsamba latayika. Sanjani mapepala mu envulopu motsata nambala zomwezo. Mwina mwaona kuti makoteshoni a amisiri ndi awiri pomwe ambiri amafuna atatu. Gulu silinabise, ndipo m'mafotokozedwe lanena kuti m'deralo amisiri odziwa njerwa za simenti ndi awiri okha. Kutero kuli bwino kusiyana ndi kupempha mnzanu wa sitolo kuti akulembereni koteshoni yachitatu yongodzazira, imene imadziwika ndi kalembedwe kofanana kapena nambala ya foni imodzi pa mapepala awiri.

Wosayina, chilankhulo ndi katumizidwe

Asayine ndi munthu amene malamulo a gulu amupatsa mphamvu, kawirikawiri wapampando. Mwana wa m'mudzi wa ku tauni amene anathandiza kulemba asasayine, ngakhale atakhala ndi dzanja lokongola. Dzina la gulu pa kalata lifanane ndi la pa chikalata cha kalembera ndi la pa akaunti ya ku banki. Likasiyana ngakhale liwu limodzi, ndalama imatha kuchedwa pa nthawi yolipira. Nambala ya akaunti musaiike m'kalata pokhapokha ataipempha, ndipo akaunti ya munthu payekha musaitchule n'komwe.

Nambala ya foni ikhale ya munthu amene akuidziwa bajeti ndipo foni yake imapezeka. Msungichumayo akhale ndi kope la bajeti kunyumba, kuti akaimbiridwa asayankhe za m'mutu.

Ngati malangizo akufuna kuti pempho lidzere kwa amfumu, ku komiti ya chitukuko ya m'dera, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, onjezani mzere wa "Kudzera kwa" pansi pa "Kupita kwa", ndipo musiye malo a siginecha ndi chidindo. Pitaniko masiku akadalipo, pakuti mwini chidindo sapezeka pa ofesi tsiku lililonse.

Opereka thandizo ambiri amafuna kalata ya Chingerezi. Ilembeni kaye m'Chichewa, iwerengedwe pa msonkhano wa komiti kuti aliyense amve zimene gulu likulonjeza, makamaka ngolo 60 za mchenga zija zimene zidzafune anthu. Kenako mphunzitsi kapena mlangizi aimasulire. Akamaliza, bwerezani kuwerengerana nambala kuja, chifukwa potayipa ziro mmodzi amagwa mosavuta, ndipo K6,510,000 imasanduka K651,000.

Potumiza pa imelo, sayinani kalata pa pepala, muijambule bwino ndi makina, n'kuisunga ngati PDF. Bajeti itumizidwe m'mene afunira. Ena amafuna ya Excel kuti aone mmene mwawerengera, ndipo ngati anapereka fomu yawo ya bajeti, gwiritsani ntchito yomweyo osasintha mizere. Mafayilo muwapatse mayina omveka, monga `1_Kalata.pdf` ndi `3_Bajeti.xlsx`, ndipo mutsegule lililonse musanatumize. Kawirikawiri pa kompyuta pamakhala bajeti ziwiri kapena zitatu za mayina ofanana, ndipo yakale ija ya simenti ya K26,000 ndi imene imakonda kupita.

Pokapereka pamanja, tengani makope awiri a kalata. Wolandira adinde ndi kulemba tsiku pa kope lanu, ndipo mlembi alisunge mu fayilo ya gulu pamodzi ndi kope la zonse zimene zapita.

Mukazindikira cholakwa mutatumiza kale

Ngati tsiku lotsekera silinafike, tumizani kalata ina yaifupi yotchula tsiku la kalata yoyamba, mzere umene wasintha, nambala yakale, nambala yatsopano, ndi ndalama yopempha yatsopano. Phatikizani bajeti yonse yokonzedwa, yolembedwa pamwamba kuti "yokonzedwa" ndi tsiku lake, n'kupempha kuti yoyambayo aichotse. Musatumize bajeti yatsopano yokha popanda kalata, chifukwa mu fayilo yawo mudzakhala bajeti ziwiri zosadziwika kuti yomaliza ndi iti.

Ngati tsiku lotsekera ladutsa, imbani kaye foni kapena lembani imelo kufunsa ngati amalandira zokonza. Mabungwe ena salola kusintha kulikonse kufikira atasankha. Akatero, sungani makoteshoni atsopano, ndipo pempho likavomerezedwa muwaonetse pa zokambirana musanasayine mgwirizano. Mukasayina pa K6,132,000, khitchini yonse ya pa pulopozo idzayembekezeka kumangidwa ndi ndalama imeneyo, ndipo K378,000 yotsalayo idzasonkhedwa ndi makolo.